Tisanathamangire kunena kuti "ndi katsabola chabe"

M'mahositelo mwathu, ngakhalenso m'makomo mwa abale a mumpingo, munthu akatuluka totupa pakhungu timafulumira kunena mawu amodzi: "Aaa, ameneyo ndi katsabola chabe, agone masiku angapo achira." Kwa zaka zambiri mawu amenewa sankalakwika kwenikweni, chifukwa katsabola ndi matenda omwe ambirife tidadwalapo tili ana ndipo tidachira. Koma kuyambira mwezi wa Epulo 2025, pamene Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka anthu odwala empokisi, matenda omwe pazikwangwani za m'zipatala amalembedwa kuti Mpox, mawu aja asanduka oopsa. Maganizo anga ndi akuti pasukulu yogonera ngati yathuyi, wophunzira, woyang'anira hositelo kapena mkulu wa mpingo asamagamule yekha kuti totupa ta munthu ndi katsabola. Ogamula akhale achipatala, atayeza. Ndipo kuti zimenezi zitheke, tiyenera kuchotsa zinthu ziwiri zomwe zingachititse wodwala kubisala, zomwe ndi manyazi komanso mantha oti aphonya mayeso.

Mwina wina afunsa kuti, nanga dzinalo lili ndi ntchito yanji, poti onsewo ndi matenda a totupa ndipo ambiri amachira okha? Ntchito yake ili pa tsiku lomwe wodwala amasiya kupatsira anzake. Wodwala katsabola amasiya kupatsira totupa take tonse tikangouma n'kuchita nkhanambo, zomwe zimatenga pafupifupi sabata imodzi. Wodwala empokisi sasiya kupatsira pamenepo, pakuti nkhanambo zakezo zimakhala zidakali ndi kachilombo. Amasiya pokhapokha nkhanambo zonse zitagwa ndipo pansi pake pamera khungu latsopano, zomwe zimatenga masabata awiri mpaka anayi. Choncho tikalakwitsa dzina, timalakwitsanso tsiku lobwerera m'kalasi, ndipo timamubweza munthu pakati pa anzake nthawi yomwe akadali wopatsira.

Matenda awiriwa sali pachibale

Ena akumati empokisi ndi katsabola wamkulu. Ayi, tizilombo take n'tosiyana mtundu. Kachilombo ka katsabola ndi kamene kamabisala m'mitsempha munthu akachira, n'kudzabweranso patapita zaka ngati mashingozi. Kachilombo ka empokisi m'bale wake ndi ka nthomba, nthenda yomwe agogo athu amaikumbukira ndi mantha, imene idalengezedwa kuti yatheratu padziko lonse mu 1980.

Zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri kwa ife. Choyamba, kudwalapo katsabola uli mwana sikukuteteza kwa empokisi ngakhale pang'ono. Amene akuti "ine ndidadwala kale, sindingatengenso" akunena zoona pa katsabola pokha. Chachiwiri, katemera wa nthomba ankatetezanso anthu kwa empokisi pamlingo waukulu, koma adasiya kuperekedwa nthomba itatha. Tonse amene tili m'makalasi muno tidabadwa katemerayu atasiya kale. Chipsera chomwe ambirife tili nacho pamkono ndi cha katemera wa chifuwa chachikulu amene tidabayidwa tili makanda, osati cha nthomba, ndipo sichitithandiza pa nkhani iyi.

Empokisi si nthenda yatsopano. Kachilombo kake kadadziwika koyamba mu 1958 pa anyani omwe ankasungidwa mu labotale ku Denmark, ndipo munthu woyamba kupezeka nako anali khanda la ku Kongo, dziko lomwe likulu lake ndi Kinshasa, mu 1970. Kwa zaka zambiri anthu ankautenga makamaka ku nyama za m'nkhalango, monga agologolo ndi makoswe, n'kupatsira anthu ochepa a pakhomo pawo. Chomwe chasintha n'chakuti tsopano nthendayi ikuyenda kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu popanda nyama pakati. Mu 2022 idafika m'maiko ambiri omwe sadaionepo. Mu 2023 mtundu wina wa kachilomboka udayamba kufala m'tauni ya migodi ya Kamituga, kum'mawa kwa Kongo, kenaka n'kuolokera ku Burundi, Uganda ndi maiko ena oyandikana nawo. Pa 14 Ogasiti 2024 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse lidalengeza kuti mliriwu ndi wofunika maiko onse kuchitapo kanthu. Patangopita miyezi isanu ndi itatu, udafika kwathu.

Zomwe maso angathe kuona

Pali zizindikiro zinayi zomwe aliyense wa ife angazigwire pamtima, osati kuti adziyese dokotala, koma kuti adziwe nthawi yoyenera kukayikira.

Choyamba ndi mwanabere. Wodwala empokisi kawirikawiri amatupa timabere ta m'khosi, pansi pa chibwano, m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndipo timapweteka ukatikhudza. Kutupaku kumayamba limodzi ndi kutentha thupi, mutu, msana ndi kuphwanya m'thupi, nthawi zambiri totupa tisanaoneke. Pa katsabola mwanabere wooneka chonchi sachitika kawirikawiri, ndipo kwa ana totupa timatuluka tsiku lomwelo lomwe thupi latentha kapena mawa lake.

Chachiwiri ndi malo omwe totupa tachulukira. Katsabola amakonda pachifuwa, pamimba ndi kumsana, ndipo amacheperachepera ukamapita kumanja ndi kumiyendo. M'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi safikako kawirikawiri. Empokisi amachita mosiyana: amachulukira kumaso, m'manja ndi m'miyendo, ndipo amatuluka m'zikhatho momwe ndi kunsi kwa mapazi. Amatulukanso m'kamwa, kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi.

Chachitatu ndi maonekedwe a kachotupa kamodzikamodzi. Ka katsabola kamakhala pamwamba pa khungu ngati kadontho ka madzi, khungu lake n'lopyapyala, ndipo kamaphulika msanga ukangokanda. Kamayabwa kwambiri kuyambira pachiyambi. Ka empokisi kamazika m'kati mwa khungu, n'kolimba, kozungulira bwino, ndipo kakakhwima kamadzaza mafinya n'kuchita kadzenje pakati ngati mchombo. Kamapweteka m'malo moyabwa. Kuyabwa kumabwera kumapeto, nkhanambo zikayamba.

Chachinayi ndi liwiro. Katsabola amatuluka m'magulumagulu kwa masiku atatu mpaka asanu, ndipo kachotupa kalikonse kamathamanga, moti pamalo amodzi pamsana umaona tina tangoyamba kufiira, tina tili ndi madzi, tina tauma kale. Empokisi sathamanga. Kachotupa kamayamba ngati banga, kenaka kamatukumuka, kenaka kamalowa madzi, kenaka mafinya, ndipo pa magawo atatu oyambawo gawo lililonse limatenga tsiku limodzi kapena awiri. Gawo la mafinya limakhalitsa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Totupa ta pamalo amodzi kawirikawiri timakulira limodzi, ngati chimanga chodzalidwa tsiku limodzi.

Tiyerekeze zipinda ziwiri

Tiyerekeze kuti pahositelo ya anyamata pali zipinda ziwiri, chilichonse cha anthu anayi, ndipo m'chipinda chilichonse mnyamata mmodzi wadwala pa 1 mwezi.

Woyamba ali ndi katsabola. Pa 1 thupi latentha pang'ono, pa 2 totupa tayamba pachifuwa ndi kumsana, akungodzikanda usiku wonse. Tatsopano tikutulukabe mpaka pa 5 kapena pa 6. Pofika pa 8 kapena pa 9 tonse tauma. Pa 10 akhoza kubwerera m'kalasi ngakhale nkhanambo zikuonekabe, ndipo sapatsira wina.

Wachiwiri ali ndi empokisi. Pa 1 thupi latentha kwambiri, mutu ndi msana zikupweteka. Anzake akuti ndi malungo, ndipo iye wamwa panado n'kufunda bulangete. Pa 2 m'khosi mwatupa. Pa 3 kutentha kwatsika, koma kumaso kwaoneka mawanga ndipo m'kamwa muli tizilonda tomupweteka akamameza. Pa 5 mawanga aja atukumuka, ena afika m'zikhatho. Pa 7 alowa madzi, ndipo mnzake wa bedi lapamwamba wanena mawu aja: "Ndi katsabola chabe, ine ndidadwala ndili sitandade 2." Pa 9 totupa tadzaza mafinya.

Tsopano taonani za pa 10. Mnyamata wa m'chipinda china uja wabwerera m'kalasi, ndipo wachiwiriyu akuona kuti nayenso masiku ake akwana, chifukwa adayamba tsiku limodzi. Thupi lidasiya kutentha, mphamvu zabwerako, ndipo mayeso apakati pa semesita ayandikira. Wavala malaya a manja aatali, wapita kukadya ndi anzake, wagwirana chanza ndi anthu pakhomo la tchalitchi, wabwereketsa thaulo. Komatu pa 10 m'pamene totupa take tadzaza kachilombo. Sitiyamba kuuma mpaka cha pa 14 kapena pa 15, ndipo nkhanambo zikhala sabata imodzi kapena awiri zisanagwe. Tsiku lake lenileni lobwerera lili pakati pa 22 ndi 28. Kusiyana kwa anyamata awiriwa ndi pafupifupi masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo masabata amenewo ndi amene dzina lolakwika limatibera.

Nanga anzake atatu a m'chipinda? Munthu akatenga kachilombo ka empokisi, zizindikiro zimaoneka kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena awiri, koma zikhoza kuchedwa mpaka masiku 21. N'chifukwa chake achipatala amayang'anira amene adakhudzana ndi wodwala kwa masiku 21 kuchokera tsiku lomaliza kukhudzana naye. Wodwalayo akadapatulidwa pa 3, atatuwo akadayang'aniridwa mpaka pa 24, ndipo mndandanda wa okhudzidwa ukadakhala wa anthu ochepa. Akadziwika pa 10 kapena pa 15, mndandandawo uphatikiza a patebulo lodyera, a m'kwaya ndi a timu ya mpira, ndipo masiku owerengera afika kumapeto kwa mwezi kapena mwezi wotsatira. Chotonthoza n'chakuti amene akungoyang'aniridwa, malinga ngati alibe chizindikiro chilichonse, amapitiriza kulowa m'kalasi. Chofunika n'choti azidziona tsiku ndi tsiku, ndipo thupi likatentha, mwanabere akatupa kapena kachotupa kakaoneka, adzipatule n'kuuza achipatala tsiku lomwelo.

Kumene maso amalephera

Wina atawerenga zizindikiro zinayi zija akhoza kunena kuti, basi, tikudziwa kusiyanitsa, chipatala n'chachiyani? Apa m'pamene ndikutsutsa kwambiri. Chithunzi chomwe ndajambulachi ndi cha empokisi monga amalembedwera m'mabuku, koma odwala ambiri a m'miliri ya posachedwapa sadafanane nacho. Ena adatuluka kachotupa kamodzi kapena tiwiri tokha. Ena tidatuluka kumaliseche kokha kapena m'kamwa mokha, nkhope ili bwinobwino. Ena totupa tidayamba thupi lisanatenthe, ndipo ena tinali pamagawo osiyanasiyana nthawi imodzi, monga momwe katsabola amachitira. Ku Kongo adapezapo ngakhale anthu odwala matenda awiriwa pamodzi. Onjezani apo mphere, chikuku, chindoko ndi zilonda zina za pakhungu zomwe zimasokoneza ngakhale anamwino odziwa ntchito.

Choncho zizindikiro zija n'zothandiza mbali imodzi yokha. Ukaziona, kayikira empokisi. Koma usanene kuti poti sunazione ndiye kuti si empokisi. Chomwe chimathetsa mkangano ndi kuyeza. Wachipatala amapukuta kachotupa ndi kathonje, kapena kutenga nkhanambo, n'kutumiza ku labotale komwe amafufuza kachilombo kenikeniko. Kuyeza magazi, monga timachitira ndi malungo, sikuthandiza kwenikweni pa nthendayi, chifukwa kachilomboka sikakhalitsa m'magazi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Momwe amafalira, ndi chifukwa chake manyazi ndi mdani

Katsabola amayenda mumpweya. Wodwala akakhala m'chipinda, pafupifupi onse amene sadadwalepo amatenga, ngakhale asanamukhudze, ndipo amayamba kupatsira tsiku limodzi kapena awiri totupa tisanaoneke. Empokisi sauluka chonchi. Amafuna kukhudzana kwenikweni: khungu ndi khungu lomwe lili ndi totupa, malovu a munthu yemwe ali ndi zilonda m'kamwa, kuyankhulana maso ndi maso pafupi kwa nthawi yaitali, komanso zinthu zomwe zakhudza zilondazo monga zofunda, mathaulo, zovala, makapu ndi masipuni. Kachilomboka kamatha kukhala kamoyo pansalu kwa masiku ambiri. Mayi woyembekezera akhozanso kupatsira mwana ali m'mimba kapena pobereka.

Mfundo imeneyi ndi yopatsa chiyembekezo, chifukwa ikutanthauza kuti kukhala m'kalasi imodzi kapena kupyolana panjira si ngozi yaikulu. Koma ikutanthauzanso kuti moyo wa pahositelo ndi umene uli pachiopsezo, pakuti ife timabwerekana chilichonse. Jekete la pa Sabata, bulangete nthawi yozizira, makina ometera, chipeso, ndowa yosambira, zonsezi zimayenda bedi ndi bedi.

Tisazembe mbali ina: empokisi amafalanso pogonana, ndipo m'miliri ya posachedwapa njira imeneyi yatenga gawo lalikulu pakati pa akuluakulu. Kondomu siteteza mokwanira, chifukwa totupa timakhalanso pamalo omwe iyo siphimba. Zimenezi n'zoona ndipo ziyenera kunenedwa. Koma pasukulu ya mpingo pali msampha. Tikangomva mawu akuti kugonana, maganizo amathamangira ku komiti yosungitsa mwambo. Mtsikana yemwe watuluka totupa chifukwa adagona pabedi limodzi ndi mng'ono wake patchuthi ayamba kuganiza zomwe amayi a m'Dorika anene, zomwe abusa aganize, komanso ngati fizi yomwe mpingo umamulipirira ipitirire. Akaona kuti mtengo wake wakula, abisa. Ndipo wobisa ndi amene amafalitsa.

Totupa sitinena momwe tabwerera. Ku Kongo ndi ku Burundi odwala ambiri akhala ali ana aang'ono, amene adatenga kwa makolo, abale kapena anzawo osewera nawo. Namwino akhoza kutenga kwa wodwala, wochapa zovala akhoza kutenga ku zofunda. Ndipo ngakhale amene adatengadi kudzera m'njira yomwe chiphunzitso chathu chimaletsa, funso la khalidwe lake ndi funso la zilonda zake ndi mafunso awiri osiyana. Tikawasakaniza, titaya onse awiri: munthuyo sabwera kuchipatala, komanso sabwera kwa abusa. Achipatala amafunika kufunsa kuti wodwala adakhudzana ndi ndani, koma mayankho ake ndi otetezera anthu, osati okaimbira mlandu. Timadziwa nkhani ya pa Yohane 9, pamene ophunzira ataona munthu wosaona adafuna kudziwa kuti wochimwa ndi ndani, ndipo Ambuye adakana kuyambira pamenepo.

Timadziwanso Levitiko 13. Nthenda zotchulidwa m'menemo si empokisi, koma ndondomeko yake njophunzitsa. Munthu wa banga lokayikitsa ankaonedwa ndi munthu woikidwa pa ntchitoyo, osati ndi anansi ake. Ngati sizikudziwika bwino, ankapatulidwa masiku asanu ndi awiri n'kuonedwanso, ndipo ngakhale zovala zinali ndi lamulo lake. Ife amene timanyadira uthenga wa zaumoyo sitiyenera kuona kupatula wodwala ngati chilango kapena ngati kuchepa kwa chikhulupiriro.

Za beseni ndi thaulo

Pali mwambo wina wathuwathu womwe ukufunika kuuganizira, womwe ndi wosambitsana mapazi tisanadye Mgonero. Ndanena kale kuti empokisi amatuluka m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, ndipo amayenda ndi mathaulo. Mwambo umenewu umakumanitsa zitatu zonsezi. Sindikunena kuti tiusiye, ayi. Ndikunena kuti madikoni ndi madikonesi aonetsetse kuti aliyense ali ndi thaulo lake, madzi akuthiridwa atsopano kwa munthu aliyense, mabeseni akutsukidwa ndi sopo, ndipo pali pamalo posamba m'manja anthu asanakagwire mkate. Mkulu wa mpingo alengezenso Sabata lapambuyo pake kuti aliyense amene ali ndi totupa kapena zilonda zatsopano akhale kaye kunyumba, ndipo sadzafunsidwa chifukwa. Wodwala akhoza kulandira Mgonero akachira. Chimodzimodzinso pamisonkhano ya misasa, pomwe timagona mothithikana pamphasa: wa totupa tatsopano asanyamuke ulendo asanaonedwe.

Zomwe otsutsa anganene

Pali zifukwa zitatu zomwe ena angatsutsire, ndipo zonse zili ndi nzeru.

Ena ati ndikuopseza anthu, chifukwa totupa tambiri tomwe timaoneka pasukulu ndi mphere, katsabola kapena kungosagwirizana ndi sopo. Ndikuvomereza, ndipo ambiri amene adzapite kukaonedwa adzauzidwa kuti si empokisi. Koma taganizirani mtengo wa kulakwitsa kulikonse. Tikamutenga wa katsabola ngati wa empokisi, wataya masiku angapo podikira zotsatira, ndipo masiku amenewo amayenera kukhala payekha ndi kale, poti katsabola nayenso ngopatsirana. Tikamutenga wa empokisi ngati wa katsabola, tamubweza pagulu masabata awiri nthawi isanakwane.

Ena ati empokisi ambiri amachira okha, ndiye phokoso n'lachiyani? N'zoona kuti wachinyamata wathanzi kawirikawiri amachira. Koma nthendayi imalemera pa ana aang'ono, amayi oyembekezera, ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika, makamaka amene ali ndi kachilombo ka Edzi koma sakumwa mankhwala otalikitsa moyo kapena adasiya. Sitidziwa kuti mwa anzathu a m'chipinda ndi ndani amene ali m'gulu limeneli, ndipo sitiyenera kudziwa. Ngakhale kwa wathanzi, zilonda zikhoza kulowa tizilombo tina, za m'kamwa zikhoza kumulepheretsa kudya ndi kumwa, ndipo kachotupa ka m'diso kakhoza kuononga maso. Ife ophunzira za uphunzitsi tili ndi chifukwa chinanso. Tikapita kukadziyesa kuphunzitsa, timakaima pamaso pa ana ambirimbiri okhala mothithikana, ena atatu kapena anayi padesiki imodzi. Tikhoza kuwapititsira nthendayi, ndipo ndife amene tidzayambe kuona mwana wa totupa m'zikhatho. Mphunzitsi amene anganene kuti "katsabola, ubwere sabata yamawa" wagamula nkhani yomwe si yake.

Chifukwa chachitatu ndi cholemera koposa. Masabata atatu kapena anayi ndi gawo lalikulu la semesita. Makolo adagulitsa mbuzi kapena soya kuti alipire fizi, ndipo kuphonya mayeso kukhoza kutanthauza kubwereza. Wophunzira amene wabisa totupa take m'malaya a manja aatali si wopusa, wawerengera zomwe angataye. N'chifukwa chake kulalikira kokha sikungathandize. Akuluakulu a sukulu ayenera kunena poyera, pasadakhale, kuti aliyense amene achipatala amupatula adzalemba mayeso apadera popanda kulipira china, manotsi azimufikira pafoni, ndipo chakudya chizimupeza komwe ali. Lonjezo limeneli ndi lotchipa kuyerekeza ndi kuyang'anira theka la hositelo kwa masiku 21.

Zoyenera kuchita akapezeka wodwala

Pasukulu pakhale chipinda chokonzedweratu cha anyamata ndi china cha atsikana, chokhala ndi mazenera otseguka, ndowa, mbale ndi zofunda zakezake, ndipo ngati n'kotheka chimbudzi chakechake. Wokayikiridwa apite kumeneko tsiku lomwelo, osati kukwezedwa minibasi yodzaza kuti akachirire kwawo, komwe kuli ana ndi agogo. Wokayikiridwa empokisi asagonekedwe pamodzi ndi wodwala katsabola, pakuti akhoza kupatsirana.

Womusamalira akhale mmodzi, ndipo asakhale woyembekezera kapena wa chitetezo chochepa. Polowa avale masiki ndi magolovesi, potuluka asambe m'manja ndi sopo. Zofunda za wodwala zisakutumulidwe, chifukwa kukutumula kumamwaza tizidutswa ta nkhanambo. Zipindidwe pang'onopang'ono, zichapidwe pazokha ndi sopo ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa.

Wodwalayo asafinye totupa, asakande, asamete pamalo pomwe tili, ndipo asadzitikite m'maso. Asapake phulusa, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba pazilonda, pakuti zimenezi zimangoitana mafinya ena. Akakhala yekha zilonda zikhale zouma ndi zosaphimba, wina akalowa aziphimbe ndi kuvala masiki. Panado amathandiza ululu ndi kutentha thupi, ndipo kuchukucha madzi a mchere kumathandiza zilonda za m'kamwa. Mwana wa totupa asapatsidwe asipirini, chifukwa ngati ali ndi katsabola mankhwalawa akhoza kumuononga chiwindi ndi ubongo. Diso likafiira kapena kupweteka, akalephera kumeza kapena kukodza, akayamba kubanika, kapena zilonda zikatupa n'kumanunkha, apite kuchipatala chachikulu mosachedwa. Katemera wa empokisi alipo, koma ndi wochepa ndipo amayambira kwa amene ali pachiopsezo chachikulu, choncho tisamudikire ngati ndiye yankho lathu.

Kwa anzanga ophunzira pempho langa ndi laling'ono. Mnzako akatuluka totupa, usamupatse dzina la nthenda, ndipo usamupatse dzina la tchimo. Muperekeze kukiliniki, musungire manotsi, muimbire foni madzulo aliwonse mpaka nkhanambo yomaliza igwe. Kwa akuluakulu a sukulu ndi a mpingo, lonjezo la mayeso apadera ndi la kusunga chinsinsi lilengezedwe tsopano, wodwala woyamba asanaoneke, chifukwa amene adzayambe kutuluka totupa adzasankha kubwera kapena kubisala potengera zomwe adamva kale.